Yankho kwa achemwali pa mipata ya mu kolamu A

Achemwali: Iwe, tandithandize. Ndili ndi ndandanda ya katundu wa mu ofesi mu Excel. Dzina la gulu linalembedwa kamodzi kokha pamwamba pa gulu lililonse, m'munsimu mulibe kanthu. Ndikasefa Zolembera ukutuluka mzere umodzi basi. Kodi ndilembe pamanja mzere uliwonse?

Uthenga wa mawu:

Achemwali, ndamva. Ayi musalembe pamanja, tsegulani kompyutayo tichitire limodzi. Koma yambani mwasunga kope ina ya fayiloyo, kuti zikasokonekera mukhale ndi pobwerera.

Chithunzi mwatumizachi ndachiona. Zolembera zili pa A2, Zotsukira pa A7, Zamagetsi pa A11, ndipo katundu akuthera pa mzere 15. Ndiye sankhani kuyambira A2 mpaka A15. Musadine chilembo A pamwamba paja kusankha kolamu yonse ayi, chifukwa ngati m'munsimo muli mzere wa chiwerengero chonse, nawonso udzalandira dzina la Zamagetsi.

Mwasankha? Dinani F5, kapena Ctrl+G, n'chimodzimodzi. Pakabokosi katulukeko dinani Special, musankhe Blanks, kenako OK. Muona kuti maselo opanda kanthu okha ndi amene atsala osankhidwa. Apa tsopano dzanja lichoke pa mausi, mukangodina penapake zonse zibalalika. Lembani chizindikiro cha =, kenako dinani kamuvi koloza m'mwamba kamodzi. Mu A3 muoneka izi:

```
=A2
```

Ndiye gwirani Ctrl n'kudina Enter. Osati Enter yekha, chonde, ameneyo adzaza selo imodzi yokha. Ctrl+Enter amalemba fomulayo m'maselo onse osankhidwa nthawi imodzi.

Chikuchitika n'chakuti selo iliyonse ikuuzidwa kuti, tengera amene ali pamwamba pako. A3 itengera A2, A4 itengera A3, mpaka A6. Pa A7 panali kale Zotsukira, sipanakhudzidwe, ndiye A8 iyamba kutengera dzina latsopanolo. Basi, mpaka pansi.

Koma musathere pomwepo achemwali, apa ndi pamene ambiri amapwetekera. Mukuona mayina, eya, koma m'katimo mukadali mafomula, iliyonse ikuyang'ana mnzake wa pamwamba. Tsiku limene mudzapange Sort, mizere idzasinthana malo, ndipo selo idzatengera mnansi watsopano. Babu la magetsi mudzalipeza lili m'gulu la Zolembera, ndipo Excel sadzakuchenjezani n'komwe. Zimandiwawa chifukwa munthu amatumiza lipoti lolakwika osadziwa. Ndiye sankhaninso A2 mpaka A15, dinani Ctrl+C, dinani batani lakumanja la mausi pomwepo, Paste Special, Values, OK. Mukadina pa A3 tsopano, pamwamba paja pazioneka mawu akuti Zolembera, osati fomula.

Kenako sefaninso. Zolembera zituluke mizere 5, Zotsukira 4, Zamagetsi 5, yonse pamodzi 14. Ngati m'kandandanda ka Filter mukuonekabe (Blanks), pali selo ina yatsalira.

Eya, ndinaiwala. Musanayambe zonsezi chotsani sefa munaika uja, mizere yonse izioneka. Muonenso ngati maselo a mu kolamu A analumikizidwa kukhala bokosi limodzi lalitali. Ngati zili choncho, pitani pa Home, kamuvi ka pambali pa Merge & Center, dinani Unmerge Cells. Dzina litsala mu selo yoyamba, enawo akhala opanda kanthu, ndiye mupitirize monga ndanenera.

Nthawi zina mukadina Blanks amakuyankhani kuti No cells were found, chonsecho inu mukuona mipata ndi maso anu. Zimachitika kwambiri ndi mafayilo ochokera mu pulogalamu ina. Maselowo amaoneka opanda kanthu koma muli kampata kamene kanatayipidwa, ndipo Excel amati muli chinthu. Zikatero musalimbane nazo. Pitani pa kolamu yopanda ntchito, tinene D, mulembe izi pa D2:

```
=IF(TRIM(A2)="",D1,A2)
```

Kokerani pansi mpaka D15. Ikunena kuti, mu A mukakhala mulibe mawu, tenga za pamwamba pako, mukakhala mawu tenga omwewo. Mukatero koperani D2 mpaka D15, muike pa A2 ndi Values muja, kenako fufutani kolamu D. Njira imeneyi imagwiranso mu Google Sheets, m'mene mulibe Special uja.

China chomaliza, mukadina Ctrl+Enter n'kuona =A2 yalembedwa momwemo m'malo mwa dzina, ndiye kuti kolamuyo inaikidwa pa Text. Bwererani ndi Ctrl+Z, isinthireni pa General, muyambirenso pa F5. Mukamaliza munditumizire chithunzi cha A2 mpaka A15 ndione.