Makoma akuoneka awiriawiri pa mapu a loboti: yambani ndi mawilo

"Ndili ku Kapata, muno mu Chipata. Ndapanga kaloboti ka mawilo awiri, ndaikapo RPLIDAR A1 ndi `slam_toolbox` pa ROS 2. Kakangozungulira pabalaza, khoma limodzi limatuluka kawiri pa mapu. Kodi laida yanga ndi yowonongeka?"

Achimwene, musathamangire kugula ina. Nthawi zambiri wonama amakhala mawilo.

Laida imangoyeza mtunda wochokera pamene ili kukafika pakhoma, mbali zonse. Siidziwa kuti loboti ili pati. SLAM, pulogalamu yojambula mapu n'kupeza pamene loboti ili, imayamba yafunsa mawilo, kudzera mu `odom`, malo amene mawilo akuti loboti yafika, kuti loboti yasuntha motani, kenako n'kulumikiza miyezo yatsopano ndi mapu amene yajambula kale. Mawilo akaphonya pang'ono imakonza yokha, koma akaphonya kwambiri imajambula khoma lachiwiri pambali pa loyamba. Ndiye taganizani simenti yathu yopaka polishi ija: wilo limaterereka, n'kumawerenga mtunda umene loboti sinayende.

Yesani chonchi, SLAM musanaiyatse. Mu RViz, pulogalamu yoonetsa zimene loboti ikuona, ikani `Fixed Frame` pa `odom`, ndipo pa `LaserScan` ikani `Decay Time` pa 30. Zungulitsani loboti pamalo amodzi. Timadontho ta khoma tikamagwera pamzere umodzi, mawilo ali bwino. Tikamwazika, vuto mwalipeza.

Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi mpata wa pakati pa mawilo, `wheel_separation`. Lembani mzere pansi ndi choko, loboti iloze pamzerewo, muizungulitse maulendo 5 mpaka ilozenso pomwepo. Amenewo ndi madigiri 1800. Onani madigiri amene loboti ikunena musanayambe kuizungulitsa komanso mukamaliza:

```
ros2 run tf2_ros tf2_echo odom base_link
```

Tinene kuti yapitirira ndi madigiri 90, ndiye kuti yawerenga 1890. Gawani 1890 ndi 1800, mupeza 1.05. Ngati pa `wheel_separation` munalemba mamita 0.20, chulukitsani ndi 1.05, mulembe 0.21. Sentimita imodzi yokhayo ndi yokwanira kupotoza chipinda chonse.

Chachiwiri ndi liwiro, ndipo apa ndikupemphani mudekhe. A1 imazungulira pafupifupi maulendo 5.5 pa sekondi. Loboti ikamatembenuka madigiri 90 pa sekondi, imakhala itakhota madigiri 16 laida isanamalize ulendo umodzi, choncho khoma limene lili pa mamita 3 limaoneka ngati lasuntha masentimita oposa 80. Pa madigiri 15 pa sekondi limasuntha masentimita 14 okha. Khotani pang'onopang'ono, ndipo pomaliza bwererani pamene munayambira kuti SLAM ipazindikire n'kuwongola mapu onse.

Kalilole ndi chitseko chagalasi muziphimbe ndi makatoni pamsinkhu wa laida, chifukwa kuwala kwake kumadutsa pagalasi kapena kunjanja, mapu n'kuonetsa chipinda chimene kulibe. Makoma akatuluka mzere umodzi, sungani mapuwo:

```
ros2 run nav2_map_server map_saver_cli -f balaza
```