Mchere wa ku Taghaza ndi golide wa ku Bambuk: kodi phindu linkatsalira ndani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa mbiri yakale kusekondale. Alemba kuti:

"Ophunzira anga andipanikiza. Timawauza kuti kale ku West Africa anthu ankasinthanitsa mchere ndi golide, ena mpaka amati kilogalamu ya mchere inkagulidwa ndi kilogalamu ya golide. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga mafumu a Ghana ndi Mali analemera bwanji, poti mchere unkachokera kutali m'chipululu?"

Mayi, nkhani ya kilogalamu kwa kilogalamuyo muisiye, chifukwa mitengo yeniyeni tili nayo ndipo ikukana. Anatilembera ndi Ibn Battuta, woyenda maulendo wa ku Morocco, yemwe anadutsa chipululu cha Sahara ndi mdipiti wa ngamila m'chaka cha 1352. Iye anati katundu wa mchere wa ngamila imodzi ankagulitsidwa mamithikali 8 mpaka 10 a golide mu mzinda wa Walata, kumalire a kumwera kwa chipululu. Katundu yemweyo akafika kulikulu la Mali ankagulitsidwa mamithikali 20 mpaka 30, nthawi zina 40. Mithikali unali muyezo wa golide wolemera pafupifupi magalamu 4.25. Ndiye tiwerengere: mamithikali 10 ndi magalamu 42 ndi theka, mamithikali 30 ndi magalamu pafupifupi 128. Ngamila yonyamula katundu imasenza makilogalamu oposa 100. Choncho munthu wopereka golide wokwana m'dzanja limodzi ankachoka ndi mchere woti anthu awiri kuunyamula mpaka thukuta. Mchere unali wodula ndithu, koma sunafanane ndi golide pasikelo.

Chimene ndikufuna ana anu aone pa mitengoyi n'chakuti mchere womwewo unkakwera mtengo katatu pakati pa Walata ndi Mali. Palibe amene anausintha. Chinasintha ndi malo basi. Ndalama za malondawa zinali m'kunyamula ndi m'kulamulira njira, ndipo kuti izi zimveke tiyenera kuyenda nawo ulendowo.

Mdipiti wa Ibn Battuta unanyamuka ku Sijilmasa, kumwera kwa Morocco, mu February, nyengo yozizira isanathe. Atayenda masiku 25 anafika ku Taghaza, kumpoto kwenikweni kwa dziko la Mali la lero. Kumeneku n'kumene kunali mgodi. Panalibe mtengo ngakhale umodzi. Nyumba ndi mzikiti zinamangidwa ndi zibenthu za mchere, denga lake zikopa za ngamila. Mcherewo unali pansi pa mchenga, woyalana ngati matabwa okhuthala, ndipo ngamila imodzi inkanyamula zibenthu ziwiri, china mbali iyi china mbali inayo. Okumba anali akapolo, ndipo ambuye awo anali a fuko la Masufa. Pamalopo sipankamera chakudya chilichonse, moti ankadalira zipatso za kanjedza zochokera kumpoto, nyama ya ngamila, ndi mapira obwera ndi amalonda a kumwera. Madzi ake anali amchere, ntchentche zili ng'aa. Musawabisire ana zimenezi, mayi. Anthu amene ankakumba chuma chonsechi ndi amene sanachilawe, ndipo wolemba wina wa m'zaka za m'ma 1500, Leo Africanus, anati mdipiti ukachedwa ena mwa iwo ankafa ndi njala.

Kuchoka pa Taghaza ulendo unkafika poopsa. Ankatunga madzi m'matumba achikopa okwanira masiku khumi opanda chitsime. M'chigawo chotentha kwambiri ankanyamuka dzuwa litapendeka, n'kuyenda usiku wonse, kukacha n'kuima. Njira yooneka kunalibe, chifukwa mphepo imasuntha mchenga n'kufufuta mapazi. Munthu wina wa mumdipitiwo anakangana ndi m'bale wake, anatsalira m'mbuyo atakwiya, ndipo sanaonekenso. Ibn Battuta akuti kuyambira tsiku limenelo iye sanatsogolenso kapena kutsalira.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ntchito ya munthu amene ankamutcha takshif. Madzi a m'matumba sakanakwanira kufikitsa mdipiti wonse ku Walata. Ndiye ankalemba ganyu Mmasufa mmodzi wodziwa chipululu kuti atsogole yekha ndi makalata, akauze anzawo a ku Walata kuti alendo ali m'njira. A ku Walata ankatuluka ndi madzi n'kuyenda ulendo wa masiku anayi kukawachingamira. Takshif akasochera kapena kufera m'njira, palibe amene ankadziwa kuti kuli mdipiti ukubwera, ndipo anthu ambiri kapena onse ankathera komweko. Mdipiti wa Ibn Battuta unamulipira mamithikali 100. Yerekezerani ndi mtengo wa ku Walata uja: malipiro a munthu mmodzi anali ofanana ndi mchere wa ngamila khumi. Amalondawo sankawononga ndalama mwachisawawa. Ankadziwa kuti akugula moyo wawo. Ulendo wonse kuchokera ku Sijilmasa kufika ku Walata unatenga miyezi iwiri.

Nanga a kumwera ankaufuniranji mchere wovutitsa choncho? Madera a m'mphepete mwa mtsinje wa Niger ndi otentha ndipo ali kutali ndi nyanja yamchere. Anthu ankaufuna, ziweto nazo zinkaufuna. Ankatha kupanga wawo posungunula phulusa la zomera, monga mmene amayi athu amachezera chidulo, koma unali wochepa. Mchere wa ku Taghaza unali wolimba ngati mwala, sunkaphwanyika kapena kusungunuka msanga paulendo wautali, ndipo munthu ankatha kuudula tizidutswa n'kumagulira zinthu pamsika ngati ndalama. Kumpoto nako kunali njala ina. Mafumu a ku North Africa ndi Iguputo ankafuna golide wosulira ndalama zawo za dinari, ndipo wambiri ankachokera kuseri kwa Sahara.

Tsopano tifike kwa mafumu. Ufumu wa Ghana, umene eni ake Asoninke ankautcha Wagadu, sunali kumene kuli dziko la Ghana la lero. Unali kumwera kwa Mauritania ndi kumadzulo kwa Mali, ndipo mabwinja a Koumbi Saleh ndi amene akatswiri ambiri amati linali likulu lake. Mgodi wa mchere unali kutali kumpoto. Golide anali kumwera, ku Bambuk, pakati pa mitsinje ya Senegal ndi Faleme. Ghana anakhala pakati, pamalo pamene ngamila zinkalekezera. Ngamila siichita bwino kumadera achinyontho ndi a kashembe, choncho katundu ankatsitsidwa n'kukwezedwa pa abulu, m'mabwato a pamtsinje kapena pamitu ya anthu. Amalonda a Chiberiberi ndi Chiarabu ankathera pamenepo, ndipo a kumwera, otchedwa Wangara, ankapitiriza mpaka kwa okumba golide. Pamalo posinthira katundu ndi pamene mfumu inaika dzanja lake.

Al-Bakri, yemwe analemba mu 1068 ali ku Spain potengera zimene amalonda ankamuuza, anafotokoza msonkhowo. Bulu aliyense wosenza mchere akamalowa m'dziko, mfumu inkalandira dinari imodzi ya golide, ndipo akamatuluka inkalandira madinari awiri. Katundu wa mkuwa ankalipira mamithikali asanu, katundu wa malonda ena mamithikali khumi. Taonani nzeru yake: mchere womwewo unkakhoma kawiri, ndipo msonkho waukulu unali wotulukira, pamene mchere ukulowera kwa eni golide komwe unkadula kwambiri. Dinari inkalemera pafupifupi mithikali imodzi, ndiye bulu mmodzi ankasiyira mfumu magalamu pafupifupi 13 a golide, mfumuyo osakumba, osadutsa chipululu.

Panali lamulo linanso. Golide yense wopezeka ali chigulumwa anali wa mfumu, anthu wamba ankaloledwa kugulitsa wafumbi yekha. Al-Bakri anapereka chifukwa chake: popanda lamuloli golide akanachuluka m'manja mwa anthu mpaka kutha mtengo. Ine ndimaona kuti apa mpamene pakuonekera kuti mafumuwa sanangochita mwayi wokhala pamalo abwino. Ankamvetsa msika. Ndipo msonkhowo unkabweza kanthu kwa wamalonda, chifukwa unkalipira asilikali ndi akavalo osunga njira. Ibn Battuta, yemwe anadandaula zambiri za ku Mali, anavomereza kuti munthu ankayenda m'dzikomo osaopa wakuba kapena wachifwamba.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale mafumu amphamvu sankawagwira kwenikweni okumba golide. Mansa Musa wa ku Mali atafika ku Cairo mu 1324 pa ulendo wake wa ku Mecca, anthu kumeneko anamva kuti mafumu a Mali akalanda dera la golide n'kuyesa kulisintha kuti litsate Chisilamu, golide ankachepa. Choncho anawasiya eni dera pa miyambo yawo n'kumangolandira mtulo. Okumbawo anali alimi amene ankakumba maenje ndi kusefa mchenga m'nyengo yachilimwe, ndipo akawapanikiza ankangoleka. Golide amene Mansa Musa anamwaza ku Cairo mpaka mtengo wake kutsika kwa zaka zingapo anali wa mtulo ndi msonkho wotere.

Ufumu womangidwa panjira umagwa njira ikasuntha. Migodi ya ku Bure, kumtunda kwa Niger m'dziko la Guinea la lero, itayamba kutulutsa golide wambiri, phindu linasamukira kwa Amalinke amene anali pafupi nayo, ndipo Sundiata Keita anakhazikitsa Mali cha m'ma 1235. Pambuyo pake malonda analowera kum'mawa, ku Timbuktu, Jenne ndi Gao, ndipo ufumu wa Songhai ndiwo unakula. Muwauzenso ana kuti mdipiti wobwerera kumpoto sunkanyamula golide yekha. Umene Ibn Battuta anabwerera nawo mu 1353 unali ndi akazi akapolo pafupifupi 600.

Apwitikizi atamanga linga la Elmina pagombe la dziko la Ghana la lero mu 1482, golide wina wa kudera la Akan anayamba kulowera kunyanja m'malo mwa kuchipululu. Kenako Morocco inafuna kutenga zonse ndi mfuti. Inalimbana ndi Songhai pa za Taghaza mpaka okumba anasiya mgodiwo n'kusamukira ku Taoudenni, kumene mchere ukukumbidwabe mpaka lero n'kupita ku Timbuktu. Mu 1591 asilikali a Ahmad al-Mansur, mfumu ya Morocco, anadutsa chipululu, anagonjetsa Songhai pa nkhondo ya ku Tondibi, n'kulanda Gao, Timbuktu ndi Jenne. Anatumiza golide wambiri kwawo m'zaka zoyambirira, koma migodi yeniyeniyo sanaifike, chifukwa inali kutali kumwera m'manja mwa anthu amene sanawagonjetse, ndipo chipwirikiti chimene chinatsatira nkhondoyo chinasokoneza njira zomwe zinkabweretsa golideyo ku Timbuktu.