Pa pepala 8.9 V, pa LTspice 9.9 V: ndilembe ziti mu lipoti?

"Alangizi, ndili chaka chachiwiri cha maphunziro a zamagetsi. Ndawerengetsa pamanja bayasi ya ampulifaya ya thiranzisita imodzi: VCC = 12 V, R1 = 470k, R2 = 100k, RC = 2.2k, RE = 1k. Pa kolekita ndapeza 8.9 V, koma LTspice ikuti 9.9 V. Ndingokopera za kompyuta mu lipoti?"

Musakopere ayi. Lembani manambala onse awiri, ndipo mufotokoze chimene chawasiyanitsa. Ntchito imene aphunzitsi anu akufuna kuona ndi imeneyo, ndipo ndi imenenso mudzafunsidwe tsiku lofunsira ntchito.

Ndikuona njira imene munadzera. Munati voteji ya pa besi ndi 12 × 100/570, kutanthauza 2.1 V. Munachotsapo 0.7 V, pa emita n'kutsala 1.4 V, karenti n'kukhala 1.4 mA, ndipo RC n'kudya pafupifupi 3.1 V. Masamu ake ali bwino. Vuto labisala mu sitepe yoyambayo: pamenepo munatenga ngati besi sikoka karenti iliyonse kuchokera pakati pa R1 ndi R2.

Tiyeni tifunse seketi yomweyo. Ine ndatenga thiranzisita ya beta 150:

```
* Bayasi ya thiranzisita imodzi
V1 vcc 0 12
R1 vcc b 470k
R2 b 0 100k
RC vcc c 2.2k
RE e 0 1k
Q1 c b e QX
.model QX NPN(IS=1e-14 BF=150)
.op
.end
```

Mukayendetsa `.op`, musathamangire ku V(c). Yambani ndi V(b), poti ndi pamene masamu anu anayambira. Mupeza pafupifupi 1.59 V m'malo mwa 2.1 V. Theka la voti lasowa tisanafike n'komwe ku emita, choncho wolakwa si RC kapena RE. Onani tsopano karenti ya besi: ili pa 6.2 µA. Zikuoneka zochepa, koma karenti yonse imene munayembekeza kudutsa mu R1 ndi R2 ndi 12 V kugawa ndi 570k, imene ndi 21 µA basi. Besi ikutengako gawo lalikulu ndithu.

Bwererani ku pepala ndi njira ya Thevenin. Besi imaona 2.1 V kudzera mu R1 ndi R2 zoyalidwa mbali ndi mbali, zimene zikupanga 82.5k. Chulukitsani 82.5k ndi 6.2 µA: mupeza 0.51 V, theka la voti lija. Mukamaliza, karenti ya kolekita ikhala 0.93 mA ndipo V(c) ikhala 9.95 V, chimodzimodzi ndi kompyuta. Ziwirizi zikagwirizana chonchi, ndiye kuti mwapeza chifukwa chenicheni, simunangoganizira.

Anzanu ambiri akaona kusiyana amathamangira kunena kuti ndi 0.7 V ija. Zoona, modelo iyi ikupereka 0.65 V, koma kusiyana kwa 0.05 V kukanasuntha kolekita ndi pafupifupi 0.1 V yokha, ndiponso kukanaitsitsa, osati kuikweza. Nthawi zonse dzifunseni ngati chifukwa chimene mwatchulacho chili ndi kukula kokwanira, komanso ngati chikukankhira mbali yoyenera.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti 9.9 V nayo si yodalirika. Yatsamira pa BF=150, pomwe thiranzisita yeniyeni siikhala ndi beta imodzi. Pepala la kampani lofotokoza thiranzisita ya 2N3904 limalola kuyambira 100 mpaka 300 pa karenti ya 10 mA. Sinthani BF kukhala 100, V(c) ikwera kufika pafupifupi 10.25 V, ikani 300, itsika kufika 9.5 V. Mathiranzisita awiri a m'paketi imodzi angakupatseni mayankho osiyana pa benchi ya mu labu. Tsono kusagwirizanaku kwakuululirani kuti seketiyo inapangidwa mofooka.

Mankhwala ake ndi osavuta: R1 ikhale 47k, R2 ikhale 10k. Karenti ya mu marezisita awiriwa ikwera kufika 210 µA, kuposa ya besi maulendo oposa khumi monga amalangizira. Kompyuta ikupatsani pafupifupi 9.0 V, ndipo beta ikayenda kuchoka pa 100 kufika pa 300, V(c) ingosuntha pakati pa 9.1 V ndi 8.9 V. Mtengo wake ulipo: seketi idya karenti yambiri, ndipo chizindikiro cholowa chikumana ndi rezisitansi yocheperapo. Zimenezinso zilembeni.

Kompyuta nayo imasokeretsa ikapatsidwa zolakwika. Mu SPICE `1M` ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a omu. Mega imalembedwa `1Meg`. Ndipo mukasiya thiranzisita pa `NPN` osasankha modelo, imatenga BF=100 ndi IS=1e-16, zimene zimapereka pafupifupi 0.77 V pakati pa besi ndi emita pa 1 mA. Musanapereke lipotilo, tsegulani `SPICE Output Log`, imene mu LTspice yakale inkatchedwa `SPICE Error Log`, muone `BetaDC` ndi `Vbe` zimene zagwiritsidwa ntchito pa seketi yanu, ndipo muziike pambali pa zimene munaganizira pa pepala.