Foko imodzi, majoini awiri: vuto lili pati?

"Akulu, ndine wophunzira za makompyuta kuno ku Lilongwe. Ndajambula dayagilamu ya UML yoonetsa mmene oda imayendera pa sitolo ya zomangira ku Area 2, chithunzi ndatumiza. Mnzanga akuti yalakwika chifukwa foko ndi imodzi koma majoini ndi awiri. Aphunzitsi angolemba kuti 'ikhoza kuima panjira' osafotokoza. Ndikhulupirire ndani, ndipo cholakwikacho ndingachione bwanji ndekha?"

Achimwene, khulupirirani aphunzitsi, koma mnzanuyo musamunyoze, chifukwa lamulo limene akunenalo silinachoke m'mutu mwake. Mu UML yakale, ya 1.x, dayagilamu ya zochitika inkamangidwa pa maziko a masiteti, ndipo nthambi zotuluka pa foko zinkayenera kukakumananso pa joini mwadongosolo. UML 2.0 itatuluka mu 2005, bungwe la OMG, limene limayang'anira UML, linasintha maziko onsewo: tsopano dayagilamu imayenda ndi matokeni, ndipo mpaka mu 2.5.1 ya 2017 palibe lamulo loti mizere yakuda yogawa, imene ndi mafoko, ifanane chiwerengero ndi yokumanitsa, imene ndi majoini. Chimene chimandinyansa n'chakuti manotsi ambiri amene ophunzira amapatsirana akuphunzitsabe kuwerenga mizereyo ngati kuti tili mu 2003. Munthu amawerenga foko imodzi, joini imodzi, n'kumwetulira, pamene dayagilamu yakeyo singafike kumapeto ngakhale kamodzi.

Choyenera kuwerenga ndi matokeni. Tokeni ndi kachizindikiro kongoganizira kamene kamasonyeza pamene ntchito yafika. Kadontho kakuda koyambira kamatulutsa tokeni imodzi. Foko ikalandira imodzi, imatulutsa imodzi pa muvi uliwonse wotuluka. Joini imadikira mpaka muvi uliwonse wolowa utabweretsa yake, kenako imatulutsa imodzi yokha. Ili ngati minibasi ya pa depoti imene sinyamuka mpando umodzi ukadali wopanda munthu. Dayamondi yosankha imalandira imodzi n'kuiponya njira imodzi basi. Dayamondi yophatikiza, imene timaitcha meji, siidikira aliyense: tokeni iliyonse yofika imangodutsa. Ndiye foko ya mivi itatu imawonjezera matokeni awiri, joini ya mivi iwiri imachotsa imodzi, madayamondi sawonjezera ndipo sachotsa.

Tiyeni tiyende pa chithunzi chanu. Pambuyo pa "Landira oda" pali foko ya nthambi zitatu: kutsimikiza malipiro, kulongedza katundu, ndi za mayendedwe. Matokeni ndi atatu. Joini yoyamba ikukumanitsa malipiro ndi kulongedza, n'kutsogolera ku "Lemba lisiti". Atsala awiri. Joini yachiwiri ikukumanitsa lisiti ndi nthambi ya mayendedwe, n'kupita ku "Tulutsa katundu". Yatsala imodzi. Foko imodzi, majoini awiri, masamu akukwana bwinobwino, ndipo kapangidwe kameneka n'kabwino kuposa joini imodzi yaikulu, chifukwa lisiti silifunika kudikira galimoto.

Vuto lili mkati mwa nthambi yachitatu. Mwaikamo dayamondi yofunsa ngati kasitomala timuperekera katundu kapena adzatenga yekha. Njira ya [timuperekera] ikudutsa pa "Konza galimoto" n'kukalowa pa joini yachiwiri. Njira ya [adzatenga yekha] nayonso mwaikokera molunjika pa joini yomweyo. Werengani mivi yolowa pa mzere wakudawo: ndi itatu, osati iwiri. Koma iwiri mwa itatuyo ikuchokera pa dayamondi imodzi, imene imatulutsa tokeni imodzi yokha. Kasitomala akafuna galimoto, muvi wa [adzatenga yekha] ukhala wouma. Akati adzatenga yekha, muvi wa galimoto ukhala wouma. Aphunzitsi anakukomerani mtima polemba kuti ikhoza kuima. Imaima nthawi zonse, pa oda iliyonse, ndipo simenti situluka pageti.

Kukonza kwake n'kwa kadayamondi kamodzi. Njira ziwirizo zikumane kaye pa meji, ndipo kuchokera pa mejipo patuluke muvi umodzi wopita ku joini. Chotsegulidwa ndi dayamondi chitsekedwe ndi dayamondi chisanafike pa mzere wakuda. Mu PlantUML, chida chojambula dayagilamu kuchokera ku mawu olembedwa, nthambiyo imalembedwa chonchi, ndipo `endif` ndiye amakujambulirani mejiyo:

```
fork again
  if (Timuperekera?) then (inde)
    :Konza galimoto;
  else (ayi)
  endif
end fork
```

Tsopano ndikuchenjezeni za mankhwala oipa kuposa matenda. Ophunzira ambiri akauzidwa kuti joini ikuimitsa zinthu, amafufuta mzere wakudawo n'kuikapo dayamondi. Dayagilamu imayambadi kuyenda, koma taonani chimene chachitika. Pafika matokeni awiri, ya lisiti ndi ya mayendedwe, ndipo meji imadutsitsa onse, iliyonse pa nthawi yake. "Tulutsa katundu" ichitika kawiri. Oda ya matumba 50 a simenti itulutsa 100. Choipa kwambiri n'chakuti galimoto ikakonzeka msanga, ulendo woyamba unyamuka ndalama zisanatsimikizike n'komwe, chifukwa palibenso chodikiritsa. Ine ndimaona kuti cholakwika ichi n'choopsa kuposa kuima, popeza dayagilamu yoima imadziulula yokha, pamene yochita zinthu kawiri imafika kumapeto mwaulemu ndipo aliyense amaisainira. Mu PlantUML kusiyana kwake ndi mawu amodzi: `end fork` amajambula joini, `end merge` amajambula meji. Komanso musayembekezere kuti pulogalamu yojambulira ikuuzani. Chida ngati draw.io chimangojambula mabokosi ndi mivi, sichidziwa kuti tokeni n'chiyani.

Majoini amene saoneka

Apa ndi pamene kuwerenga mizere yakuda kumagwera m'dzenje kwenikweni. Mu UML 2, bokosi la chochitika likakhala ndi mivi iwiri yolowa, limadikira yonse iwiri lisanayambe. Ndi joini yobisika. Likakhala ndi mivi iwiri yotuluka, limapereka tokeni pa yonse iwiri likamaliza, ndiye kuti ndi foko yobisika. Anthu ambiri amajambula mivi iwiri kulowa m'bokosi akutanthauza kuti "iliyonse ikafika, yamba", koma tanthauzo lake ndi "zonse zikafika".

Chimenechi chidzakupezani tsiku limene mudzawonjezere kubwereza malipiro, ndipo mudzawonjezera ndithu, chifukwa aliyense wolipira pa foni amadziwa kuti netiweki imagwa. Mukakoka muvi wa [zalephera] kubwerera molunjika m'bokosi la "Tsimikiza malipiro", bokosilo likhala ndi mivi iwiri yolowa: wochokera ku foko ndi wobwererawo. Lidikira tokeni ya muvi wobwerera, imene singabwere bokosilo lisanagwire ntchito kamodzi. Ndiye siliyamba n'komwe. Pamafunika meji pakati pa foko ndi bokosilo, kuti mivi iwiriyo ikumane pa dayamondi ndipo m'bokosi mulowe umodzi.

Malo oika mejiyo nawonso ndi nkhani. Mukaiika pamwamba pa foko, tokeni yobwerera idutsanso pa foko n'kubadwa atatu atsopano. Malipiro akalephera kawiri n'kutheka kachitatu, katundu alongedzedwa katatu ndipo galimoto ikonzedwa katatu, pa oda imodzi. Muvi wobwerera usadumphe foko imene nthambi zake zina zikadali ndi moyo. Uzizungulira mkati mwa nthambi yake.

Nanga malipiro akalephereratu, kasitomala n'kusiya? Pano pali timabwalo tiwiri tomalizira timene anthu amasokoneza. Kabwalo kokhala ndi X mkati kamapha tokeni imodzi yokha imene yafikapo. Mukakaika pa nthambi ya malipiro, nthambi ziwiri zinazo zikaima pa majoini kudikira mnzawo amene anamwalira kale. Kabwalo kokhala ndi dontho lakuda mkati kamathetsa ntchito yonse, matokeni onse afe pomwe ali. Pamenepo palibe kuima, koma dziwani kuti sikabweza chimene chachitika: malata amene analongedzedwa akhala pakhomo la nkhokwe mpaka mutajambula bokosi lowabwezera. Ndipo chifukwa kamafafaniza zonse, kamabisanso matokeni osochera, choncho kufika pa kabwaloko si umboni woti masamu anakwana.

Kabwalo ka X kali ndi ntchito yake yoyenera. Mutawonjezera nthambi yachinayi yotumizira kasitomala uthenga wa pa foni woti oda yalandiridwa, palibe chifukwa choti katundu adikire uthengawo. Nthambiyo ithere pa X. Foko ya mivi inayi, yobwerera ku majoini itatu yokha, ndipo dayagilamu ili bwino. Mnzanu uja mumuonetse chitsanzo chimenechi.

Chinanso chimene sindimachikonda ngakhale chili chololedwa ndi kuika chikhalidwe pa muvi wotuluka pa foko, monga kulemba [timuperekera] pa muvi wachitatu m'malo mojambula dayamondi. Chikhalidwecho chikapanda kukwaniritsidwa, muviwo sulandira tokeni, ndipo joini ya kumunsi idikira mpaka kalekale. Ena amathawira ku `joinSpec`, n'kulemba `or` m'malo mwa `and` amene joini imatsatira mukapanda kulemba kanthu. Chilipo ndithu mu UML, koma pa dayagilamu ya sitolo nthawi zambiri chimangophimba dayamondi imene inaiwalika, ndipo wodzalemba pulogalamu adzakufunsanibe kuti tokeni yochedwayo ikafika ichite chiyani.

Poyesa dayagilamu yanu, isindikizeni kapena ijambuleni pa pepala lalikulu, mutenge nyemba zingapo. Lembani kaye njira zonse zotheka: madayamondi osankha awiri a njira ziwiriziwiri amapereka njira zinayi, ndipo kubwereza malipiro muyese kulephera kamodzi ndi kawiri. Pa njira iliyonse yambani ndi nyemba imodzi, muziwonjezera pa foko, muzichotsa pa joini pokhapokha muvi uliwonse wolowa uli ndi yake, ndipo bokosi lililonse la mivi iwiri muliwerenge ngati mzere wakuda. Njira yomweyo muibwereze posintha nthambi yofika msanga, poyamba galimoto, kenako malipiro. Nyemba ikakanirira pa joini popanda ina imene ikubwera, tsatirani muvi woumawo chobwerera m'mbuyo, mupeza dayamondi yosatsekedwa, kabwalo ka X kapena chikhalidwe pa foko. Nyemba ziwiri zikadutsa m'bokosi limodzi pa oda imodzi, yang'anani kumtunda kwake, pali meji pamalo a joini kapena muvi wobwerera umene wadumpha foko. Pa chithunzi chanu yambani ndi njira ya [adzatenga yekha], mutaika kale meji ija pansi pa "Konza galimoto".