Ndilembe chiyani pansi pa chithunzi cha chipinda changa choyamba?

Zikomo alangizi. Ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo ina ku Luchenza. Ndachoka kwa amalume, ndapeza chipinda cha K40,000 pamwezi. Ndalipira miyezi itatu ndi K120,000 ya ku banki mkhonde, yoti ndibweze K144,000 pa miyezi itatu. Ndadzijambula ndili m'chipindamo. Ndilembe mawu otani oonetsa kukondwa koma osadzitama? Mtsikana wa ku Luchenza.

Achemwali, mwachita bwino, ndipo chithunzicho chiikeni. Mawu amene ine ndingasankhe ndi awa:

"Kachipinda nkamodzi, nkalendi, koma kiyi ndasunga ndine. Zikomo Ambuye, tayambapo."

Ngati mukufuna ofupikirapo, lembani kuti, "Mphasa, mbaula ndi ine. Pang'onopang'ono ndi mtolo." Ndipo ngati amalume anu ali pa WhatsApp, kapena ana awo alipo, onjezani mzere umodzi: "Zikomo amalume ndi azakhali pondisunga mpaka ndafika apa." Mzere umenewu musauone kuchepa. Munthu wochoka pakhomo pa achibale n'kulemba kuti "tsopano ndapeza mtendere" amakhala watukwana nyumba yonse imene inamudyetsa, ngakhale iye sanalinge kutero. Tsiku lina makina akadzathyoka, mudzagogoda pakhomo pomwepo.

Mawu ofunika kwambiri pa zonse ndakupatsanizi ndi akuti "nkalendi". Ambiri amawazemba, amalemba "nyumba yanga yatsopano". Kunama kwenikweni palibe, koma taganizani amene awerenge. Oyamba ndi amayi a ku banki mkhonde, amene ndalama zawo ndi zomwe zakulowetsani m'chipindamo. Akaona mawu osonyeza ngati zinthu zayenda kale, tsiku limene mudzapemphe kuti akudikireni sabata imodzi adzakukumbutsani chithunzicho. Achiwiri ndi abale akumudzi. Kwa iwo mwana amene wapeza "nyumba yake" pa tauni ndiye kuti ali nazo, ndipo posachedwa pabwera uthenga wa fizi, wa feteleza, mwinanso msuweni wodzakhala nanu "masiku ochepa chabe". Achitatu ndi alandilodi. Ena mwa iwo, osati onse, akaona kuti telala uja zikumuyendera, lendi imakwera miyezi itatu yoyamba ikangotha.

Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone chifukwa chake ndikulimbikira. Ngongole ija mukaigawa patatu, mwezi uliwonse mukubweza K48,000. Koma nthawi yomweyo mwezi wachinayi ukubwera, ndipo udzafuna K40,000 yake. Kuti usadzakudzidzimutseni, muyenera kumasunga pafupifupi K13,500 pamwezi kuyambira lero. Zonse pamodzi ndi K61,500 pamwezi. Ngati mumasoka masiku 26, kupuma Lamulungu, ndiye kuti tsiku lililonse K2,400 yoyamba imene mwapindula si yanu, ndi ya chipinda. Apo simunagule ufa, makala, ulusi kapena mayunitsi a magetsi. Ndalama imeneyi muziiponya ku Mpamba kapena ku Airtel Money madzulo aliwonse, isagone m'thumba la epuloni, chifukwa yagona m'thumba imathera mandasi ndi kabaza.

Ndiye m'miyezi itatu imeneyi ndinu munthu wokondwa koma wopanda chotsala, ndipo mawu a pansi pa chithunzi anene zomwezo. Kudzichepetsa kwake nkumeneko. Sikulemba kuti "ine wosauka, wosayenera kanthu", ayi. Mawu otero amamveka ngati kupempha chifundo, ndipo kasitomala safuna kusiya nsalu yake ya ukwati kwa munthu wodandaula. Palinso kudzichepetsa kwina kumene ine kumandiseketsa: munthu kulemba kuti "kanthu kochepa aka" chonsecho wakhala pa sofa yatsopano, kanema wamkulu ali kumbuyo. Anthu amaona. Zija za "adani achite manyazi" ndi "amene munkandiseka muli kuti" zisiyeni. Pamalo ngati Luchenza aliyense amadziwa amene mukumunena, ndipo mwina ndi mchemwali wa kasitomala wanu.

Tsopano chithunzi chenichenicho. Chiyang'aneni bwino musanachitumize. Ngati makina osokera akuoneka, ndipo chitseko, zenera kapena mpanda zikuonetsa kuti ndi nyumba iti, mwauza wakuba zinthu ziwiri: pali chiyani, ndipo chili kuti. Makinawo ndiwo mpamba wanu wonse. Jambulani mutatsamira khoma lamkati, kapena jambulani dzanja lokha litagwira kiyi, koma kiyiyo akhale wa loko amene mwagula nokha. Loko amene munamupeza pachitseko simudziwa kuti makiyi ake ali ndi anthu angati, choncho sinthani kaye, chithunzi pambuyo. Lisiti la lendi musaliike, pakuti pali dzina la eni nyumba ndi ndalama zimene mumalipira. Dzina la dera komanso zoti mwayandikana ndi chakuti, musalembe. Komanso kuika pa sitetasi ya WhatsApp nkwabwino kuposa pa Facebook, chifukwa sitetasi imachoka yokha pakatha maola 24 ndipo mukhoza kusankha oti aione.

Mwina mukufuna kuti chithunzichi chikokenso makasitomala. Nzotheka, koma musaphatikize ziwirizi m'mawu amodzi. Cha chipinda chikhale chothokoza basi. Mawa lake ikani china, cha diresi kapena yunifolomu imene mwamaliza, ndi mawu akuti, "Ntchito ikupitirira pamalo pathu pomwe paja. Bwerani ndi nsalu zanu." Makasitomala azikupezani pakhonde la sitolo, osati kunyumba. Akazolowera kubwera kunyumba, alandilodi angayambe kunena kuti chipinda mwachisandutsa shopu, ndipo anzanu a pa mita imodzi ya ESCOM ayamba kukuwerengerani kusita kulikonse.

Pali zithunzi zina zimene ndikufuna mujambule lero lomwe, zosaika pena paliponse. Jambulani ming'alu ya khoma, galasi losweka ngati lilipo, malata pamene pakuoneka kuti pamadontha, ndi pansi pamene simenti yakumbika. Muwatumizire alandilodi pa foni, ndi mawu aulemu akuti, "Bambo, ndati muone mmene ndachipezera chipinda." Uthengawo umasunga deti. Tsiku lotuluka, nkhani ya "mwandiwonongera nyumba" imathera pomwepo. Khoma muliyang'anitsitse m'munsi: ngati penti yatukusira kapena pali zakuda, limalowa chinyezi, ndipo kuno kwathu ku Thyolo ndi Mulanje chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julaye nsalu za anthu zimachita nkhungu. Muziika pa thebulo kapena pa chingwe, kutali ndi khomalo.

Mufunsenso alandilodi, alembe papepala ndi kusainira, kuti ikatha miyezi itatuyi muzilipira mwezi ndi mwezi kapena adzafunanso itatu pakamodzi. Akati itatu, masamu aja asintha: yosunga pamwezi ikhala K40,000 yathunthu pamwamba pa K48,000 ya ngongole, kutanthauza pafupifupi K3,400 patsiku. Zikakhala choncho, kambiranani nawo sabata ino, mwezi woyamba usanathe.