Apu ya banki ikakana muli kunja, yambani mwayang'ana kakiyi

"Asisi, ndangoyamba kumene geni yokaoda katundu kunja. Ulendo wathawu apu ya banki ndi ya ndalama za pafoni zonse zinakana ndili pamaso pa wogulitsa. Ena akuti ndi VPN. Inu mumatani?"

Achemwali, amene anakuuzaniwo sananame. Foni iliyonse ikalowa pa intaneti imakhala ndi nambala yotchedwa IP, ndipo nambalayo imasonyeza dziko komanso kampani imene ikukupatsani netiweki. Mukayatsa VPN, apu ija imene imadutsitsa intaneti yanu pa seva ina, banki siwonanso nambala yanuyo, imawona ya seva imene mwadzerako. Ndiye taganizani: m'mawa munalowa muli kwanu, masana mwawoloka boda, madzulo banki ikuwona ngati muli kutsidya kwa nyanja, pa nambala imene anthu ambirimbiri akugwiritsanso ntchito nthawi yomweyo. Mbava nazo zimabisala choncho. Makina a banki safunsa kuti ndinu wageni kapena ayi, amangotseka chitseko.

Anthu ambiri amathamangira kusintha seva, kusankha ya dziko lakwawo. Nthawi zina zimathandiza, koma ine sindidalira zimenezo. Mabanki ambiri amazidziwa nambala za maseva a VPN, zikhale za dziko liti. Komanso mapu ena sayang'ana n'komwe za dziko: amafunsa foni yeniyeniyo ngati VPN ili yoyaka, ikangovomera basi, amakana. Mutha kusiyanitsa. Ikakana musanalembe ndi pini yomwe, n'kukuuzani kuti muzimitse VPN, ndiye kuti apu yaiwona pafoni. Ikalola pini koma n'kumangozungulira, kapena kukana potumiza ndalama, nthawi zambiri ndi kubanki kumene akayikira.

Ine zinandionekera ndili m'shopu, mabelo atamangidwa kale, wagalimoto akuliza hutala panja. Apu inakana. Ndinazimitsa VPN, intaneti yonse n'kuthima nayo limodzi, chonsecho bandulo ndinali nditangogula. Ndinatuluka thukuta, wogulitsa akundiyang'ana ngati ndabwera kudzamuseweretsa. Vuto linali loti mwana wanga pondiikira VPN anayatsanso zinthu ziwiri mu Settings ya Android: `Always-on VPN` ndi `Block connections without VPN`. Chachiwiricho chimauza foni kuti popanda VPN pasadutse kanthu. Nditazimitsa zonse ziwiri, ndinapita pa dzina la apu ya banki, n'kudina `Force stop`, kenako ndinaitsegulanso. Inalowa pompo. Kudina kumeneko musakudumphe, chifukwa apu ikakhala yotsegula chakumbuyo imatha kukakamirabe pa njira yakaleyo.

Chimene chimapusitsa ambiri ndi ichi: ena amalumbira kuti alibe VPN, koma pamwamba pa sikirini pali kachizindikiro ka kiyi. Timapu tina totsekereza zotsatsa malonda, kapena toteteza foni ku mavairasi, timagwira ntchito ngati VPN mkati mwa foni momwemo. Apu ya banki sisiyanitsa. Kakiyi kakaoneka, fufuzani kuti wakayatsa ndani.

Ngati VPN mumaifunadi, mwina pa intaneti ya ku loji imene simukuikhulupirira, yang'anani mu apu yake ya VPN malo olembedwa `Split tunneling`. Pamenepo mumasankha mapu oti azidutsa pambali, ndiye muikepo a ndalama onse. Koma `Block connections without VPN` ikakhala yoyaka, mapu amene mwawapatulawo sapeza intaneti. Ndipo mapu ena ouma mutu amakanabe. Pa iPhone kusankha apu imodziimodzi chonchi kawirikawiri sikutheka, ndiye ingozimitsani, mulipire, muyatsenso. Polipira ine ndimachokanso pa intaneti ya anthu ambiri n'kugwiritsa ntchito bandulo yanga.

Za ndalama za pafoni zili ndi kake kena. Mapu ena amafuna kutsimikiza nambala yanu kudzera pa intaneti ya simu khadi yomweyo, ndiye VPN ikaima pakati sakuzindikirani. Njira ija yoyamba ndi nyenyezi n'kuthera pa #, VPN siyikhudza, chifukwa siyidutsa pa intaneti. Chimodzimodzi nambala yotsimikizira imene amatumiza pa meseji: ikapanda kufika, musanamizire VPN, ndi simu khadi yanu imene sikugwira m'dziko mulimo. Musananyamuke funsani kampani ya netiweki ngati laini yanu ndi yotsegula kunja, komanso ngati njira ya nyenyeziyo imagwira kumene mukupitako, poti si konse kumene imatheka.

Zinthu ziwiri zokha musachite mutapsa mtima pakauntala. Musabwerezebwereze pini, chifukwa ambiri amatseka akaunti mukalakwitsa katatu. Ndipo musafufute apu kuti muiikenso. Ikabwerera imakuwonani ngati mlendo n'kufuna nambala ya pameseji ija, ndipo ngati simu khadi yakwanu ili chete, apuyo simulowamonso mpaka mutawoloka boda pobwerera.