Wofunsa "muli bwanji" muzimuyang'ana kumapazi

"Achemwali, bambo a kunyumba kwanga anawachotsa ntchito mu Januwale. Lendi ya miyezi itatu sitinapereke, ndipo ine tulo sindikuliona. Koma aliyense akandifunsa kuti muli bwanji ndimangoti ndili bwino. Ndine munthu wopemphera, ndiye bodza limeneli likundipweteka mumtima. Tsiku lina ndinauza mayi wina zoona zake, sabata isanathe nkhani inali ponseponse. Kodi ndiziyankha bwanji?"

Achemwali anga, kalata yanuyi ndinaiwerenga ndili pamzere wogula magetsi ndipo ndinasiya dala anthu awiri andipitirire. Yandikumbutsa masabata asanu amene ndinakhala gadiyani wa mayi anga atadwala sitiroko.

Amene munadwazikapo matenda kuchipatala cha boma mukudziwa. Umagona pa chitenje pansi, pambali pa bedi, mutu utatsamira chikwama chako kuopa akuba. Anamwino anandiuza kuti mayi ndiziwatembenuza maola awiri alionse kuti asachite zilonda za pabedi, ndiye usiku wanga unali wodukaduka ngati ulusi wovunda. M'mawa kuchapa zofunda, kukaphika phala kumoto wa magadiyani, kuwamwetsa ndi supuni pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Nthawi yoona odwala ikakwana, anthu ankalowa ndi mafulasiki, nthochi ndi Sobo. "Odwala agona bwanji?" Ine: "Agonako bwino." "Nanga inu muli bwanji?" Ine: "Ndili bwino, kaya inu?" Ndinanena mawu amenewo mwina kakhumi patsiku, miyendo itatupa, ndalama ya sukulu ya mwana nditadyera kuchipatala komweko.

Sabata yachinayi kunabwera azakhali anga a ku Ntcheu. Iwonso anafunsa chimodzimodzi, inenso ndinayankha chimodzimodzi. Anakhala pambali pa bedi, kuwasisita mayi dzanja, kupemphera. Kenako anandikodola kuti tituluke. Panja, pansi pa mtengo wa mango, anayala chitenje, kukhala pansi, kuvula nsapato n'kuziika pambali. Nsapato zimenezo ndimaziona mpaka lero, zapulasitiki zakuda, imodzi yosokedwa ndi waya. Atatero anati, "Iwe mwana wa mlongo wanga, nsima yeniyeni unadya liti?"

Ndinalira mpaka mamina. Ndipo ndinawauza zonse: za ndalama, za achimwene anga amene ankangoimba foni osabwera, ngakhale zoti usiku wina ndinaganizapo kuti bola Mulungu angowatenga mayi apumule, kenako ndinadzida chifukwa cha ganizo limenelo. Azakhali sanandilalikire. Anandituma kunyumba kukagona, iwo n'kutsala m'wodi masiku atatu.

Tsono funso nali: kodi azakhali aja ndinawanamiza poyamba paja? Ine ndikukana, ndipo pamenepa ndiye ndilimbapo. Iwo anamva "ndili bwino" wanga ndipo sanamutenge ngati lipoti la dokotala. Ankadziwa kuti moni woyamba ndi odi chabe. Munthu akati "odi" ukayankha "lowani", sunanene kuti m'nyumba mwako ndi mosesa.

Makolo athu anazikonza bwino zimenezi, ife ndife tazisokoneza. Kumudzi mlendo akafika samufunsa zambiri ali chiimire. Amamulandira katundu, kumuyalira mkeka kapena kumupatsa mpando, a pabanja n'kumabwera mmodzimmodzi kudzapereka moni, ana atagwada. Onsewo amayankhidwa "ndili bwino, kaya inu". Madzi kapena thobwa likabwera, thukuta litauma, mpamene mwininyumba amafunsa malonje. Pamenepo ndiye nkhani imatuluka. Nonse munamvapo mthenga akuti, "Kumudzi kuli bwino ndithu, koma kungoti agogo aja atisiya usiku wathawu." Ana a m'tauni amaseka akamva zimenezi, ati kuli bwino bwanji pamene kuli maliro. Koma mthengayo sanalakwitse. Wayamba wakhazika mtima wanu pansi, kenako "koma" ujayo wanyamula katundu yense. Choonadi chili ndi malo ake, ndipo malowo ndi pa funso lachiwiri, anthu atakhala pansi.

Chimene chatipweteka ndi choti moni tinasunga koma malonje tinataya. M'tauni timapatsana moni wina akukwera minibasi, wina akuthamangira kuntchito. Funso lachiwiri silifika. Ndiye munthu amatha chaka chathunthu akuyankha odi yekhayekha, palibe womuyalira mkeka, mpaka amayamba kudziona ngati wabodza. Vuto lanu, achemwali, si bodza ayi. Mukusowa wokufunsani malonje.

Za pafoni ndiye musanene. "Muli bwanji achemwali" wa pa WhatsApp, wochokera kwa munthu amene simunalankhulane naye chichokereni Khirisimasi, aliyense amadziwa kuti kumbuyo kwake kukubwera "ndimati mundithandizeko kangachepe pa Mpamba". Msuweni wanga ali ku Joni, amagwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Randburg. Amati foni ikalira kumapeto a mwezi, "muli bwanji" amamumva ngati "mwapita kale ku Mukuru?" Nthawi ina anadwala chifuwa milungu itatu osagwira ntchito, n'kuyankha m'bale wina zoona kuti sali bwino. Yankho linali lakuti, "Pepani, muchira. Nanga za feteleza zija?" Sindikuwaweruza a kumudziwo, njala ndi njala, ndipo chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense akukanda pomwe pakumuyabwa. Ndikungoti moni wotero ndi khomo lolowera pempho, ndipo kutsanulirapo mtima wanu n'kuthira madzi m'dengu.

Palinso chinthu china chimene chimanditopetsa, ndinene ndithu. Kwabwera kaganizidwe koti munthu woona mtima ndi amene amakhuthula zonse kwa aliyense womufunsa, ndipo amene amasunga zake ndi wachiphamaso. Ine zimenezo ayi. Wogulitsa tomato pamsika akati "mwaswera bwanji mayi", sanakupempheni kuti mumusenzetse lendi yanu. Nayenso ali ndi yake. Komanso nkhani yanuyi si yanu nokha. Muli bambo a kunyumbamo, amene mwina m'mawa amavalabe shati yosita kuti aneba asadziwe. Kuwasungira ulemu si tchimo.

Mayankho apakati

Chichewa chathu sichinatisiye ndi mayankho awiri okha. Pakati pa "ndili bwino" ndi "zinthu zavuta" pali makwerero. Pali "ndilipo". Pali "tadzuka", wopanda "bwino" kumapeto kwake. Pali "choncho", "pang'ono", "tikulimba", "bola lero". Onsewa ndi oona, palibe bodza ngakhale limodzi, ndipo palibe chinsinsi chimene mwaulula. Ubwino wake ndi woti amasiya chitseko chili chotsekula pang'ono, mwini wake wofunsayo asankhe. Wongodutsa amati "zikomo" n'kupitirira, ndipo simunataye kanthu. Amene ali ndi khutu amaima: "Choncho bwanji? Kwagwanji?"

N'chifukwa chake ndimati muziyang'ana kumapazi. Pakamwa aliyense amafunsa mofanana. Koma mapazi akuloza kumsewu, thupi litatembenuka kale theka, ameneyo mpatseni moni wake azipita. Amene waima, watula dengu, wakukokerani pambali pochoka pagulu, kapena wavula nsapato ngati azakhali anga, ameneyo wafunsadi.

Koma kuima kokha sikukwanira, pakuti wamiseche nayenso amaima, ndipo amaima nthawi yaitali kuposa onse. Kusiyana kwawo kuli pa funso lotsatira. Wamiseche amafuna chiyambi cha nkhani ndi maina: anawachotsa chifukwa chiyani, analakwa chiyani, ndani anawanenera, alandilodi akuti bwanji. Amafunsa zimene zingakome pokafotokozera wina. Wokufunirani zabwino amafunsa za inuyo ndi za mawa: ana adya, mukugona, ufa ulipo. Funso la azakhali lija linali la nsima, silinali la chimene chinayambitsa sitiroko. Chizindikiro china n'chosavuta: munthu amene pokupatsani moni amakubweretserani nkhani za eni ake, zanunso adzazinyamula popita. Ndipo chenjerani ndi miseche yovala chitenje cha mapemphero, ija yoti "tiwakumbukire m'mapemphero mayi uje, kunyumba kwawo zinthu sizili bwino", kenako tsatanetsatane yense pagulu. Mukamuuza munthu, nenani poyera kuti, "Izi ndauza inu nokha, ngakhale kumapemphero musazitchule." Ambiri amaulula chifukwa sanauzidwe kuti ndi zosaulula.

Malo amodzi okha ndi amene ulemu umenewu umapha: kuchipatala. M'wodi muja ndinaona gogo wina, dokotala atamufunsa kuti muli bwanji agogo, iye "ndili bwino, kaya adokotala", pamene usiku wonse anabuula ndi m'mimba. Mwamwayi dokotalayo anali Mmalawi mnzathu, anaseka n'kufunsanso kuti, "Nanga chikukupwetekani n'chiyani?" Akanakhala wothamanga akanalemba kuti wodwala akupeza bwino. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pamaso pa dokotala moni ukangotha, yambani nokha kufotokoza osadikira funso lachiwiri.

Ndatchula zimenezi dala chifukwa cha tulo lanulo. Azaumoyo akafuna kudziwa ngati maganizo afika poti ndi matenda, amafunsa za masabata awiri apitawa: kodi mwakhala wokhumudwa kapena wopanda chiyembekezo masiku ambiri, ndipo kodi zinthu zimene zinkakusangalatsani zasiya kukukomerani? Ngati mayankho anu ndi inde, makamaka ngati chakudya sichikulowa kapena mwayamba kuganiza zoti bola kufa, musadikire azakhali. Pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi mukanene momwemo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso a St John of God amene ntchito yawo ndi imeneyi. Ku Harare anachita kuika mabenchi pazipatala, pulogalamu ya Friendship Bench imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi maganizo. Ine nditamva ndinati, awa angobwezeretsa malonje, kusiyana kwake mkeka wasanduka benchi.

Ndiye yankho lanu, mwachidule poti ndalankhula kale zambiri. Kwa odutsa, "ndilipo, kaya inu" akukwanira, ndipo mtima wanu usakutsutseni. Kwa amene waima, mpatseni kachidutswa kamodzi kokhudza inuyo, monga "masiku ano tulo likuvuta", muone chimene achite nako sabata imeneyo. Kakabwerera kwa inu kudzera kwa munthu wina, mwadziwa. Akabwera yekha kudzakuonani, muuzeni zotsalazo. Anthu awiri otere ndi okwanira. Ndipo ngati palibe amene akuima, sankhani mmodzi, mupite kwawo nokha, mukakhale pansi n'kunena kuti, "Ndabwera ndi malonje, mundifunse."

Mayi aja anatuluka m'chipatala akuyenda ndi ndodo, ndipo anakhala nafe zaka zina zitatu. Pakamwa panapotoka pang'ono, mawu ankatuluka movutikira. Koma m'mawa uliwonse ndikawafunsa kuti mwadzuka bwanji amayi, ankati "tadzuka", n'kundiyang'ana kuti aone ngati ndikhale pansi kapena ndikuthamangira basi.